Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo mu Harare: thekenya silithera pa phini

Kwa inu akuluakulu oyang'anira zaumoyo mumzinda wa Harare, makhansala a madera athu, ndi inu atsogoleri a mipingo, mizikiti ndi mabungwe a maliro a ife ana a ku Malawi,

Ndakulemberani m'Chichewa chifukwa malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amachiwerengera pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, komanso chifukwa anthu amene nkhaniyi yawagwera amalankhula Chichewa pakhomo. Ine ndine namwino wopuma pantchito. Ndinabadwira ku Mbare, makolo anga anachokera ku Dedza, ndipo ukalamba wanga ndikuudyera ku Epworth. Nkhani yanga ndi ya matekenya. Sindikunena kuti mumzinda muno mwagwa mliri, ayi. Ndikunena za nyumba imodzi imene ndinaiona ndi maso anga, mmene matekenya obwera ndi mwana mmodzi anaswana mpaka kugwira mwana wina amene sanapondeko kunja kwa Harare. Zimene zinachitika m'nyumba imeneyo zingachitike m'nyumba iliyonse yopanda simenti ku Epworth, ku Hopley, ku Hatcliffe ngakhale m'makomboni a m'mafamu ozungulira mzinda.

Mchemwali wanga wamng'ono amalera adzukulu awiri, mnyamata wa zaka 8 ndi mtsikana wa zaka 3. Patchuthi cha Ogasiti anapita kumudzi kukamanga chiliza cha amalume athu, natenga mnyamatayo, wamng'onoyo n'kutsala ndi mayi ake. Anakwera basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, anakhala kumudzi masabata atatu, mwanayo akusewera osavala nsapato pamchenga wapansi pa mtengo wamango, pafupi ndi khola la nkhumba. Atabwerera kumayambiriro kwa Sepitembala, anayamba kudandaula kuti zala zakuphazi zikumuyabwa, makamaka usiku. Mayi ake, amene anabadwira muno ndipo sanaonepo thekenya, anapita naye kukiliniki ina. Kumeneko anauzidwa kuti ndi njerewere, napatsidwa mafuta opaka. Wachipatala amene anamuona sindikumuweruza. Munthu angathe kumaliza maphunziro ake ndi kugwira ntchito zaka zambiri mu Harare osakumana ndi thekenya ngakhale limodzi. Koma funso limodzi lokha, lakuti "kodi mwanayu anayendako posachedwapa?", likanasintha zonse zimene zinatsatira.

Kuti muone chifukwa chake, ndiloleni ndifotokoze mmene kachilomboka kamakhalira, pakuti ambiri timangodziwa gawo lake la m'phazi, pamene moyo wake waukulu uli pansi.

Thekenya ndi mtundu wa nthata, ndipo akatswiri amalitchula kuti Tunga penetrans. Kwawo kwenikweni ndi ku America wa kumwera ndi wapakati. Mbiri imati linafika mu Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870, m'mchenga umene sitima yapamadzi yotchedwa Thomas Mitchell inanyamula kuchokera ku Brazil n'kukataya padoko la Ambriz ku Angola, ndipo pasanathe zaka 30 linali litadutsa Africa yonse mpaka kugombe lakum'mawa, likuyenda m'mapazi a amtengatenga ndi asilikali. Choncho kuyenda ndi apaulendo ndi khalidwe lake lakalekale. Lisanalowe m'thupi ndi laling'ono ngati kanjere ka mchenga, milimita imodzi basi, ndipo silidumpha patali ngati nthata za agalu. Limangofika masentimita 20 kapena cha pomwepo. N'chifukwa chake pafupifupi nthawi zonse limapezeka kumapazi: m'mbali mwa chikhadabo, pansi pa zala, pakati pa zala, kuchidendene ndi m'mphepete mwa phazi. Likapezeka m'manja, m'zigongono, m'mawondo kapena m'matako, dziwani kuti munthuyo amakwawa, amakhala kapena amagona pansi.

Lalimuna ndi lalikazi onse amayamwa magazi, koma lolowa m'khungu ndi lalikazi lokha. Limaboola khungu ndi mutu, ndipo m'maola ochepa limakhala litamira, mutu uli mkati pamene pali timitsempha ta magazi, kumbuyo kwake kuli kunja pa kabowo kakang'ono. Tsiku loyamba ndi lachiwiri pamangooneka kadontho kofiira kapena kakuda, kamene munthu angakayese kaminga. Kuyambira tsiku lachitatu mimba yake imayamba kufufuma, ndipo m'masabata awiri kapena atatu limakula kufika ngati njere ya nandolo. Apa ndi pamene pamaoneka chotupa choyera chozungulira, cholimba ukachigwira, chokhala ndi kadontho kamodzi kakuda pakati penipeni.

Kadontho kakudako ndiko chinsinsi cha nkhani yonse. Si mutu, monga ambiri amaganizira. Ndi kumbuyo kwa kachilomboko. Limapumira pomwepo, limatayira chimbudzi pomwepo, lalimuna limalipeza pomwepo n'kukwerana nalo lili kale m'phazi, ndipo mazira amatulukira pomwepo. Patapita sabata imodzi kapena masiku 10 chilowereni, limayamba kuponya mazira oyera aang'onoang'ono, ndipo limapitiriza kwa masabata awiri kapena atatu, mazira onse pamodzi n'kukwana pakati pa 100 ndi 200. Likamaliza limafa, chotupacho chimada n'kufota ngati nkhanambo, ndipo khungu limachitaya lokha. Kuyambira kulowa mpaka kufa pamatenga masabata 4 mpaka 6.

Mazira aja amagwera paliponse pamene munthu waponda, wakhala kapena wagona. Akagwera pasimenti yosalala amasesedwa, nkhani yatha. Akagwera m'fumbi louma, lamthunzi, losakanizika ndi nyenyeswa za zakudya, amaswa pakapita masiku atatu kapena anayi. Timphutsi take timabisala m'dothi lofewa lapamwamba, masentimita owerengeka okha kuya kwake, kapena m'ming'alu ya pansi, tikudya zinyalala zowola. Kenako timadzikulunga m'chikwa, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi chigwereni dzira, thekenya latsopano limakhala likudikira phazi. Kutentha ndi kuuma ndiko kumalikomera. N'chifukwa chake m'madera amene matekenya ndi ofala amachuluka m'chilimwe n'kuchepa mvula ikakhazikika.

Tsopano bwererani kunyumba ya mchemwali wanga. Ndi zipinda ziwiri za lendi, chimodzi cha simenti, china chadothi chimene mwini nyumba sanamalize, ndipo ana amagona m'chadothicho pamphasa. Mnyamata uja anali ndi matekenya 11 titawawerenga pambuyo pake. Ngakhale lililonse likanaikira mazira 100 okha, ndiye kuti mazira oposa 1,000 anagwera m'chipinda chimenecho, pakhonde ndi pabwalo m'mwezi wa Sepitembala, nthawi imene ankapakidwa mafuta a njerewere. Ambiri mwa mazira otere amafa, koma sipafunika ambiri kuti nyumba igwidwe. Okutobala wa mu Harare mukumudziwa nonse, kutentha kwake ndi fumbi lake.

Mchemwali wanga, agogo ake a mnyamatayo, anali atapita kukagwira ganyu yosamalira wodwala kwa masabata awiri. Atabwerera n'kuona mapazi a mwana, anazindikira nthawi yomweyo. Anachita zimene amayi athu ankachita: anakhazika mwana pakhonde, natenga phini, nayamba kuzula. Ine ndinakula ndikumva akuluakulu akutamandana kuti uje ali ndi dzanja labwino, amazula thekenya lathunthu osaliphulitsa. Luso limenelo lilipodi, koma thekenya lokhwima siligona m'khungu ngati mwala m'matope. Khungu limakhala litalikuta mwamphamvu, mutu wake uli pansi, ndipo kuti lituluke pamafunika kukuza bowo. Mwana akatukula phazi chifukwa cha ululu, kathumba kamaphulika, zidutswa zimatsalira mkati, ndipo thupi limalimbana nazo ndi kutupa koopsa. Pa matekenya anayi amene anazula tsiku limenelo, awiri anaphulika.

Patapita masiku atatu ndi pamene ananditumizira mwana kudzandiuza kuti, "Agogo akuti mubwere mudzaone phazi." Ndinapeza chala chachikulu chitatupa, chikutentha, chikutuluka mafinya m'mbali mwa chikhadabo. Kufiira kunali kutayamba kukwera pamwamba pa phazi, mwanabere atatuluka m'mphechepeche, thupi likutentha, mwana akuyendera chidendene. Mchemwali wanga anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achemwali, inetu ndimati ndikumuthandiza." Ndipo ankanena zoona. Palibe amene anamuuzapo njira ina.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse, akuluakulu, kuti chimene chimapundula anthu si thekenya lenilenilo koma zimene zimalowera pakhomo limene latsegula. Ngakhale osaligwira, kabowo kake kamakhala kotseguka kwa mwezi wathunthu paphazi loponda dothi, ndipo mabakiteriya a pakhungu ndi a m'nthaka amalowa. Phini, minga, singano kapena lezala zimangokulitsa khomolo. Zotsatira zake ndi mafinya, zithupsa, zilonda zosapola msanga, ming'alu yopweteka, ndi matenda okwera m'mitsempha mpaka mwendo kutupa. Matekenya akamabwerezabwereza chaka ndi chaka, zikhadabo zimapindika kapena kuthothoka, zala zimapotoka, ndipo kayendedwe kamasintha. Nthawi zina chala chimafa n'kuda, osachitira mwina koma kuchidula. Phini imodzi ikazungulira ana asanu a pabwalo limodzi, ingathe kunyamula matenda a chiwindi oyenda m'magazi ngakhalenso kachilombo ka Edzi.

Koma chimene ine ndimaopa kuposa zonse ndi kafumbata. Mbewu za kafumbata zimakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo zimakonda bala laling'ono, lakuya, lauve, lenileni ngati limene thekenya lozulidwa limasiya. Matendawa amaonekera pakapita masiku 3 mpaka 21: nsagwada zimauma, kumeza kumavuta, khosi ndi msana zimalimba, kenako thupi limayamba kukokana. Ana athu amalandira katemera pa masabata 6, 10 ndi 14, koma chitetezo chake chimafuna kuwonjezeredwa akamakula. Amayi ambiri amabayidwanso kusikelo ali oyembekezera. Amene amatsalira ndi abambo ndi agogo, amene ena a iwo sanabayidwepo chibadwire, ndiponso ana amene makadi awo anatayika posamuka. Onjezerani agogo odwala shuga, amene mapazi awo anachita dzanzi. Iwo samva kuyabwa, ndipo amadzazindikira bala litanunkha kale.

Mnyamatayo tinapita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Anatsuka bala, anachotsa zotsalira ndi zida zowiritsa, anamupatsa mankhwala akumwa opha mabakiteriya, ndipo popeza khadi lake silinkaonetsa katemera wowonjezera, anamubaya wa kafumbata. Chala chinapola, koma chikhadabo chinachoka, ndipo anajomba kusukulu masabata awiri. Matekenya otsalawo anali atayamba kale kuda ndi kufota. Tinawasiya, tikungotsuka ndi sopo, pakuti thekenya lakufa silifuna phini.

Tinayesa kuti zatha. Ine ndemwe, ndi zaka zanga zonse za unamwino, ndinayang'ana phazi n'kuiwala pansi. Chakumapeto kwa Okutobala mtsikana wa zaka 3 uja anayamba kulira usiku akukanda zala. Tinamupeza ndi matekenya asanu kumapazi ndi limodzi m'mbali mwa chikhadabo cha dzanja. Mwanayu sanapiteko ku Malawi, ngakhale ku Mbare Musika sanafikeko chaka chimenecho. Titagwira galu wa pakhomopo n'kutambasula zala zake, tinapeza awiri. Mukawerenga masiku mudzaona kuti zikugwirizana: mazira anagwa mu Sepitembala, anakhwima m'fumbi kwa masabata atatu kapena anayi, analowa mwa mwana chapakati pa Okutobala, naonekera poyera patatha sabata imodzi kapena awiri.

Ndiye pempho langa loyamba ndi la maso. Anamwino a m'makiliniki a khonsolo, azaumoyo oyenda m'makomo ndi aphunzitsi a sukulu za pulayimale aonetsedwe chithunzi cha thekenya ndi kusiyana kwake ndi zinthu ziwiri zimene amazizolowera. Njerewere ya kuphazi imakula pang'onopang'ono kwa miyezi, ndi yokhakhala, ndipo ikakhala ndi timadontho takuda timakhala tambirimbiri. Thekenya limakula m'masiku owerengeka, ndi losalala, lili ndi kadontho kamodzi pakati, limayabwa kwambiri, ndipo ukaliyang'anitsitsa ndi galasi lokuzira zinthu ungaone likugunda pang'onopang'ono, kapena kaulusi kakuda ka chimbudzi chake, kapena timazira toyera titamatirira pakhungu pafupi. Chinthu chachiwiri ndi mphutsi za ntchentche zija zimene zimaikira pazovala zoyanika, zimene mu Harare timazidziwa bwino. Izo zimachuluka nthawi ya mvula, zimakonda msana, mimba, ntchafu ndi matako, ndipo chotupa chake ndi chofiira ngati chithupsa. Thekenya ndi la chilimwe ndiponso la kuphazi. Kuphunzitsa zimenezi sikungatenge ngakhale theka la ola pamsonkhano wa mwezi ndi mwezi. Ndipo wodwala mmodzi akapezeka, pakhale lamulo lakuti aonedwe mapazi a onse a m'nyumbamo, ndi kuti wazaumoyo akafike pakhomopo kukaona pogona.

Pempho lachiwiri ndi la mankhwala, pakuti kuuza agogo kuti ataye phini popanda kuwapatsa china m'manja n'kutaya mawu. Mankhwala amene Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse limawatchula pa matendawa ndi dimetikoni, mafuta opyapyala kwambiri amene m'mayiko ena amagulitsidwa ngati mankhwala a nsabwe za m'mutu. Si poizoni. Amalowa pa kabowo kaja n'kutseka njira zimene kachilomboko kamapumira. Phazi limatsukidwa ndi sopo, limaumitsidwa, kenako pamadonthezedwa madontho ochepa pa thekenya lililonse, katatu m'mphindi 10, munthu ali kutali ndi moto chifukwa mafutawa amayaka. Palibe kucheka, palibe magazi, mwana salira. Likafa kugunda kumaleka, mazira amasiya kutuluka, kuyabwa kumazilala, ndipo chotupa chimada n'kudzachoka chokha. Pa kafukufuku wa ana asukulu ku Kenya amene anafalitsidwa mu 2014, matekenya 78 pa 100 aliwonse anali atafa patatha masiku 7 atapakidwa dimetikoni, pamene pa njira yakale yoviika mapazi m'madzi a pamanganeti, mankhwala apepo aja, n'kupaka vasilini, anafa 39 okha. Pamanganeti amalumanso m'zilonda, akachuluka amawotcha khungu, ndipo amadetsa mapazi kotero kuti kalasi yonse imadziwa amene ali ndi matekenya. Si mafuta aliwonse olembedwa dzinali amene amagwira ntchito, koma opyapyala okhawo, n'chifukwa chake kusankha ndi kuitanitsa kuyenera kukhala kwa inu, osati kwa mayi wosauka woima pakauntala. Ine ndinayenda m'mafamase angapo osawapeza. Mtsikana uja anachotsedwa ake kuchipatala, limodzilimodzi, ndi zida zowiritsa, atabayidwa mankhwala oletsa ululu. Njira imeneyi ndi yololedwa matekenya akakhala ochepa ndipo wochotsayo ndi wodziwa, koma kwa mwana amene ali nawo 30 kapena 50 siingatheke. Mabotolo ochepa okha m'makiliniki a madera opanda simenti angakwane, pamodzi ndi katemera wa kafumbata woperekedwa kwa aliyense wobwera ndi bala la thekenya amene alibe umboni wakuti anabayidwa posachedwa.

Pamene mankhwala oyenera palibe, anthu amagwira chilichonse. Ndamvapo za parafini, oyilo wakuda wa galimoto, dibi wa ng'ombe, ngakhale mankhwala opopera matimati. Zimenezi zimapsereza khungu, ndipo mankhwala a mbewu ndi a ziweto amalowa m'thupi kudzera m'zilonda n'kudwalitsa mwana kuposa thekenyalo. Mapiritsi a njoka za m'mimba nawonso sapha thekenya lili m'phazi. Uthenga umenewu utuluke kwa inu momveka, m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chichewa.

Pempho lachitatu ndilo lalikulu, ndipo ndi la pansi pamene timagona. Kafukufuku wa kugombe la Kenya anapeza kuti zinthu ziwiri zimene zimasiyanitsa kwambiri nyumba za matekenya ndi zopanda matekenya ndi pansi padothi pogona ana ndi kusatsuka mapazi ndi sopo. Nsapato zimathandiza, makamaka zotseka, koma mapatapata satchinga kanthu, ndipo palibe mwana amagona atavala nsapato. Ngati matekenya akuswana pansi pa mphasa, kugawa nsapato kusukulu sikungathetse vuto.

Zimene tinachita kwa mchemwali wanga ndi izi. Tinatulutsa katundu yense m'chipinda chija. Mphasa yakale tinaitentha, zofunda tinazichapa ndi madzi otentha n'kuziyanika padzuwa la masana. Tinapala dothi lofewa lonse lapamwamba, kuya ngati zala zitatu, makamaka m'makona ndi m'mphepete mwa khoma, n'kukalikwirira m'dzenje lakuya kutali ndi bwalo. Kulitaya kuseri kwa nyumba kukanakhala kungosamutsa matekenya. Kenako tinathira madzi ambiri, tinatsendera, n'kuzira ndi dothi lamakande monga amachitira kumudzi, mpaka pansi panalimba popanda mng'alu. Kuwaza madzi pang'ono posesa kumangogonetsa fumbi, sikupha timphutsi. Chimene chimatilepheretsa ndi pansi polimba, posalala, posesedwa tsiku ndi tsiku, zinyalala zake n'kutenthedwa. Kuzira kumafuna kubwereza ming'alu ikangoyamba. Ana tinawasamutsira m'chipinda cha simenti. Madzulo aliwonse agogo amawatsuka mapazi ndi sopo, kuwapukuta pakati pa zala, n'kuyang'ana chala chilichonse pa kuwala kwa foni. Thekenya lopezeka m'sabata yoyamba limakhala lisanaikire, ndipo kulipha nthawi imeneyo n'kupulumutsa nyumba yonse. Vasilini timapaka kuti zidendene zisang'ambike, osati kuti ndi mankhwala ophera. Galu anamuona dokotala wa ziweto, ndipo sagonanso pakhonde. Amene amaweta nkhumba m'mapuloti ayang'ane mapazi ndi mphuno zake, pakuti nkhumba imanyamula matekenya ambiri kuposa chiweto china chilichonse, ndipo khola likhale patali ndi posewerera ana. Makoswe nawonso amawanyamula, choncho mulu wa zinyalala pafupi ndi khomo ndi mbali ya vuto lomweli.

Mu Novembala bungwe lathu la maliro linatibwereka ndalama ya simenti. Chipinda cha mamita atatu mbali zonse, konkire yokhuthala masentimita 5, chinadya matumba atatu a makilogalamu 50, kuwonjezera mchenga ndi miyala. Chinthu chovuta sichinali ndalama yokha. Mwini nyumba anayamba wakana kuti mtengo wake uchotsedwe pa lendi, ndipo mchemwali wanga ankaopa kuwaka m'nyumba ya eni n'kudzauzidwa mwezi wotsatira kuti asamuke, kapena kuti lendi yakwera poti chipinda chakongola. Ena amene amakhala pamalo opanda mapepala amaopa kuthira simenti m'nyumba imene sakudziwa ngati idzakhalapo chaka chamawa. Apa ndi pamene inu makhansala muli ndi mphamvu imene namwino alibe. Mungathe kunena poyera kuti chipinda chobwereketsa chogona ana chikhale cha pansi polimba, ndi kuthandiza kuti walendi amene wawaka yekha abwezeredwe. Mungathenso kuyendera makalasi, sukulu za mkaka ndi matchalitchi a zisakasa amene pansi pake ndi fumbi, pakuti ana ambiri amakhala pansi m'malo amenewo osavala nsapato. Kupopera mankhwala pansi, kumene kukufunika, kuchitidwe ndi antchito anu ophunzitsidwa, osati ndi bambo wogula kabotolo kopanda dzina pamsika. Za madzi sindichita kukuuzani. Mayi amene wapirira pamzere wa pamjigo maola awiri kuti apeze zigubu ziwiri, madzi otsuka mapazi a ana anayi amawaika kumapeto.

Kwa inu atsogoleri athu a mipingo, mizikiti ndi mabungwe ndili ndi mawu apadera. Mukudziwa mayina amene takhala tikutchulidwa m'dziko muno chifukwa cha kumene makolo athu anachokera. Mchemwali wanga anandipempha kuti ndisauze munthu, poopa kuti anansi adzati Amalawi abweretsa matenda auve. Mantha amenewo ndi amene amachititsa mayi kuveka mwana masokosi m'malo mopita naye kuchipatala, ndipo masiku obisawo ndi omwewo amene mazira akugwera pansi. Thekenya linachoka ku Brazil, linadzera ku Angola, lili ku Mozambique, ku Tanzania, ku Kenya, ku Uganda ndi ku Madagascar, ndipo silifunsa chitupa. Si ufiti, si tsoka la pamtundu, ndipo si la anthu osasamba okha, pakuti ngakhale alendo olemera ochokera ku Ulaya amabwerera nalo kwawo akaponda mchenga wake. Inu azaumoyo, polankhula za nkhaniyi musaipachike pa mtundu wa anthu, pakuti mukatero odwala adzabisala ndipo simudzawaonanso. Inu atsogoleri, inenani pa zolengeza za Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu kuti aliyense wobwera kuchokera kumudzi, kaya ndi ku Dedza, ku Mangochi, ku Angonia kapena ku Chipata, ayang'ane mapazi ake ndi a ana madzulo aliwonse kwa masabata awiri, agone pasimenti masiku amenewo ngati n'kotheka, ndipo akaona kadontho koyabwa apite kukiliniki n'kunena yekha kuti, "Ndinali paulendo, ndikuganiza kuti ndi thekenya." Ndipo ndalama za bungwe zimene timasungira bokosi ndi basi ya maliro, ganiziraniponso zobwereketsako matumba atatu a simenti kwa membala amene ana ake akugona pafumbi.

Kuyambira pamene chipinda chija chinawakidwa, m'nyumba ya mchemwali wanga simunapezekenso thekenya, ndipo chikhadabo cha mnyamata chikumera, ngakhale chokhota. Mvula inatithandizanso. Koma nyumba zoyandikana nazo, kumene ana awiriwa ankasewera mu Sepitembala ndi Okutobala, palibe wazaumoyo amene anakaziona, ndipo ine ndilibe ulamuliro wogogoda pakhomo la munthu n'kupempha kuona mapazi a ana ake. Ndikupempha kuti mutume anthu anu akayendere dera limenelo chilimwe chisanabwerere, ndiponso kuti chithunzi cha thekenya chikhale chitapachikidwa m'makiliniki tchuthi cha Ogasiti chisanafike. Mukafuna munthu womasulira uthengawu m'Chichewa kapena woperekeza antchito anu m'makomo a anthu athu, ine ndilipo, ndipo amayi a m'bungwe lathu avomera kale kuyenda nane.

Ine wanu,
Namwino wopuma pantchito,
Epworth, Harare